Chida Chikamadzuka Kwina, Kwina N'kugona

Tiyerekeze bambo wa zaka 45 wa pa mitala. Kwa mkazi wamng'ono zinthu zimayenda bwinobwino, koma ikafika sabata yogona kwa mayi wamkulu, chida chimangoti zii. Mayi wamkuluyo akuti chikondi chinatha, achibale akunong'ona kuti wamng'ono anamudyetsa mankhwala, mwiniwake akuopa kuti wagwa mu mpapaya.

Sanagwe. Kuti chida chitote pamafunika kuti timitsempha ta m'kati mwake timasuke, magazi alowe ambiri ndi kutsekeredwa momwemo. Ngati zimenezi zikutheka kunyumba ina, kapena m'mamawa podzuka, ndiye kuti njira ya magazi ndi mitsempha yotumiza uthenga zikugwira ntchito. Mwamuna wathanzi amatota katatu mpaka kasanu usiku uliwonse ali m'tulo, osadziwa n'komwe.

Chimene chimasintha ndi mtima. Munthu akachita mantha kapena akakwiya, thupi limatulutsa adirenalini, amene amafinya timitsempha tija. Bambo wathuyu analephera kamodzi, atamwa mowa komanso atakangana ndi mkazi wake za fizi ya ana. Mayi anangopuma mozama n'kutembenukira kukhoma. Ulendo wotsatira bambo analowa m'chipinda akudzimvetsera: kodi lero zitheka? Kudzimvetserako ndi mantha kale, ndipo mantha anabweretsa kulephera kwachiwiri. Kwa mkazi wamng'ono kulibe mbiri yotere. Kwa amuna ena zimatembenuka: kunyumba zili bwino, koma kwa mkazi watsopano manyazi, chikumbumtima kapena kuopa matenda zimazimitsa zonse.

Komabe bambo wa msinkhu uwu asangoti "ndi maganizo chabe". Shuga, kuthamanga kwa magazi ndi fodya zimawononga timitsempha pang'onopang'ono. Poyamba mphamvu yotsalayo imakwanira pamene chilakolako chili chachikulu, koma imaperewera pakakhala kutopa kapena kakusamvana. Chizindikiro chake n'chakuti kutota kwa m'mawa kukuchepa, ndipo ngakhale kumene zimayendako chida sichilimba ngati kale. Zikatero akayezetse shuga ndi BP, chifukwa vutoli nthawi zina limatsogola zaka zingapo matenda a mtima asanaonekere.

Chimandipweteka n'chakuti ambiri amathamangira kukadziyesa kwa mkazi wina. Yankho ali nalo kale m'mawa uliwonse. Kunjako angokatenga matenda. Mapiritsi a sildenafil amathandiza ena kuthetsa mantha, koma sagwira popanda chilakolako, ndipo ndi oopsa kwa amene amamwa mankhwala a mtima a gulu la naitireti, choncho apereke ndi dokotala.

Njira imene alangizi amaphunzitsa ndi yoti awiriwo agwirizane kuti kwa masabata angapo azingosisitana ndi kucheza pamphasa, kugonana kwenikweni ataletsa dala. Popanda mayeso oti akhoze, mantha amaphwa ndipo nthawi zambiri chida chimayamba kudzuka chokha. Koma nkhani ya fizi ija ayambe aikambirana masana, pakhonde.