Ndalama Zabwezedwa, Koma Nkhani Yathadi?

Anthu awiri akasemphana pa malonda, mmodzi n'kubweza ndalama, ambiri amangolemba pakapepala kuti "ndalandira ndalama zanga, nkhani yatha." Pakapita miyezi itatu mmodzi amatulukiranso, akuti zimene analandira zinali zoyambira chabe, kapena akuti sanamuwerengere za mayendedwe. Kapepala kaja sikathandiza, chifukwa sikananene kuti ndi ndalama zingati, zobwezera chiyani, ndiponso kuti nkhani imene yathayo ndi iti. Kalata yotsekera mkangano ili ndi ntchito ziwiri zosiyana: kuchitira umboni kuti ndalama zafika m'manja mwa mwini wake, ndi kunena momveka zimene aliyense wasiya kufunsa kwa mnzake.

Tiyerekeze nkhani iyi. Mayi wina wa ku Lilongwe anapatsa kalipentala K600,000 ya chikole kuti amukhomere kabati ndi bedi. Tsiku lopangana linadutsa katundu asanathe, ndipo mayiyo anati sakumufunanso. Kalipentala anati anali atagula kale matabwa a K150,000 n'kuwadula pa muyeso wa chipinda cha mayiyo. Atakokanakokana, anagwirizana kuti abweze K450,000, matabwa akhale ake. Kalata yawo ingalembedwe motere:

"Ife, Ogula (dzina ndi nambala ya chiphaso cha unzika) ndi Amisiri (dzina ndi nambala ya chiphaso cha unzika), tinapangana pa (tsiku) za kabati ndi bedi, ndipo Ogula analipira chikole cha K600,000. Tinasemphana pa ndalama zoyenera kubwezedwa: Ogula ankafuna zonse, Amisiri ankafuna kuchotsapo za matabwa ndi za ntchito imene anali atayamba. Tagwirizana pa K450,000. Ogula akuvomereza kuti alandira ndalamazi zonse lero, (tsiku), kudzera pa foni, nambala ya umboni (nambala). Ogula asiya K150,000 yotsalayo ndipo matabwa ndi a Amisiri. Amisiri asiya kufunsa malipiro a ntchito imene anayamba. Kuyambira lero palibe mwa ife amene adzafunse mnzake ndalama, chiongoladzanja, chipukutamisozi kapena katundu pa pangano la kabati ndi bedi limeneli, ndipo sitidzasumirana pa nkhaniyi. Tawerenga, tamvetsa, ndipo tasaina mosakakamizidwa."

Mawu oyamba kuwasamala ndi akuti "alandira". Kulemba kuti "alandira" pamene ndalama zisanafike n'kudzitchera msampha wekha, chifukwa pepala lidzakutsutsani m'khoti. Ngati ndalama zabwera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, musakhutire ndi uthenga umene wotumiza akukuonetsani pa foni yake. Onani ndalama zimene zili mu akaunti yanu, kenako koperani nambala ya umboni ya kutumizako. Cheke chimafuna kusamala koposa, popeza chikhoza kubwezedwa ku banki ngati mu akaunti ya wolemba mulibe ndalama zokwanira. Pamenepo lembani kuti kalatayi iyamba kugwira ntchito ndalama za chekecho zikalowa mu akaunti. Ngati akubweza pang'onopang'ono, lembani masiku ndi ndalama za gawo lililonse, ndipo nenani kuti kutsekerana kudzachitika gawo lomaliza likalipiridwa. Ndalamazo zilembedwe m'manambala ndi m'mawu omwe, kuti wina asadzawonjezere ziro. Mugwirizanenso za ndalama yotapira kwa ejenti, chifukwa K450,000 ya pa foni imatsika mukamaitapa.

Chachiwiri ndi kufotokoza za K150,000 yosabwezedwa ija. Ambiri amadumpha pamenepa, chonsecho mpamene mkangano umaphukiranso. Malamulo a mapangano amene makhoti a ku Malawi amagwiritsa ntchito anachokera kwambiri ku Mangalande, ndipo kumeneko kuli mlandu wotchuka wa mu 1884, wa Foakes ndi Beer. Dokotala Foakes anali ndi ngongole ya mapaundi oposa 2,000 kwa Mayi Beer, yogamulidwa ndi khoti. Anagwirizana kuti azilipira pang'onopang'ono ndipo mayiwo sachitanso kanthu. Atamaliza kulipira, mayi aja anafunsa chiongoladzanja, ndipo khoti lalikulu linawapatsa, ponena kuti Foakes sanapereke chatsopano chilichonse chosinthana ndi lonjezo lawo. Mfundo yake ndi yakuti munthu akangolandira ndalama zochepa pa ngongole imene palibe akuitsutsa, akhoza kudzafunsabe zotsalazo. Zimasiyana pamene panali kusemphana kwenikweni ndipo aliyense wagonjapo. N'chifukwa chake kalata ya mayi ndi kalipentala ikunena zimene aliyense ankafuna ndi zimene aliyense wasiya, ndipo ikutchula chiongoladzanja mwachindunji.

Chachitatu ndi malire a nkhani yotsekedwayo. Mawu akuti "pa pangano la kabati ndi bedi limeneli" ndiwo mpanda wake. Tinene kuti kalipentala yemweyo anakhomera mayiyo zitseko chaka chatha ndipo zayamba kupindika. Kalata ikanati "sitidzafunsananso kanthu kalikonse", kalipentala akanaitulutsa pokana kukonza zitsekozo. Wobweza ndalama amakonda mawu otambalala, wolandira amatetezedwa ndi mawu olunjika. Ngati pali china chimene mukufuna chikhalebe chamoyo, chilembeni: "Kalatayi sikukhudza ntchito ya zitseko." Onetsetsaninso kuti kutsekerako n'kwa mbali zonse ziwiri. Kalata imene ikuti "Ogula sadzafunsanso kanthu" koma ili chete za Amisiri yamanga munthu mmodzi yekha, ndipo mawa kalipentala akhoza kubwera kudzafuna za thukuta lake.

Pa kusaina, asaine eni pangano. Ngati chikole chinaperekedwa ku kampani, dzina la kampani lilembedwe, ndipo wosainayo alembe udindo wake. Mwamuna kusainira mkazi wake, kapena mnyamata wa pashedi kusainira bwana, kumapatsa mwini nkhani mpata wonena kuti iye sanavomere. Pakhale mboni imodzi mbali iliyonse, yolemba dzina ndi nambala ya foni. Wosadziwa kuwerenga amuwerengere mokweza m'chinenero chimene amamva, adinde chala, ndipo kalatayo inene amene anamuwerengera. Mukafufuta kapena kuwonjezera mawu, nonse musaine pambali pake. Lembani makalata awiri ofanana, onse osainidwa, aliyense atenge yake, ndipo ijambuleni pa foni.

Kalata yotereyi ili ndi pomwe imalekera. Yosainitsidwa moopseza kapena monamiza khoti likhoza kuikana. Siingathetse mlandu wa upandu, chifukwa nkhani ikafika kupolisi ngati yakuba mwachinyengo, woimba mlandu ndi boma, ndipo wodandaula angathe kungodziwitsa apolisi kuti wabwezeredwa. Ngati munasuma kale kukhoti la majisitireti, kapena munadandaula ku bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC, lembani nambala ya mlandu, amene akauchotse ndi tsiku lake, chifukwa mlandu suchoka wokha. Ndalama zikakhala zambiri, kapena nkhani ikakhudza malo, ntchito kapena kuvulala kwa munthu, onetsani kalatayo kwa loya kapena ku Legal Aid Bureau musanasaine, popeza munthu wovulala akhoza kutseka nkhani asanadziwe kuti chithandizo chake chidzadya ndalama zingati.