Nambala 6 wasewera bwanji? Funsani pepala ndi kanema

Aliyense amene anaonera masewero a Flames ndi Morocco pa 25 Januwale 2022 ku Yaoundé amakumbukira chigoli chimene Gabadinho Mhango anachinya ali kutali m'mphindi ya 7. Ambiri sanaiwalenso kuti Achraf Hakimi ndiye anatimaliza, n'kutigonjetsa 2-1. Koma mutafunsa kuti osewera athu apakati anataya mpira kangati m'chigawo chachiwiri, aliyense angokanda m'mutu. Mutu wa munthu umasunga zodabwitsa, zinazo umataya. N'chifukwa chake makochi odziwa ntchito sagamula za wosewera mpaka atakhala pansi ndi pepala ndi kanema.

Pepala ndilo limayamba, ndipo limalembedwa masewero asanachitike. Tiyerekeze kuti tikuunika mnyamata wosewera pakati motchinga, amene ochemerera amangomuti nambala 6. Kochi, womuthandiza ndi mnyamatayo amagwirizana zinthu zochepa zimene malo akewo amafuna: kupatsira mpira molondola, kulanda mpira, kucheuka asanalandire mpira kuti aone amene ali kumbuyo kwake, ndi kubwerera msanga timu ikataya mpira. Zigoli sizilipo pamenepa, chifukwa si ntchito yake.

Kugwirizana mayina a luso n'kosavuta. Mkangano umabuka pa tanthauzo. Mpira wachoka kwa mnyamata wathu, wafika kwa mnzake, koma wamufika m'khosi adani awiri atamuzinga kale, n'kulandidwa nthawi yomweyo. Kodi wapatsira bwino? Akapanda kumvana za izi poyamba, wina adzachonga kuti wakhoza, wina kuti walephera, ndipo manambala awo sadzatanthauza kanthu. Mwachitsanzo, angagwirizane kuti pasi yabwino ndi imene wolandira watha kuigwira n'kuiseweranso. Akatero sasinthanso pakati pa kanema, ngakhale mnyamatayo akhale wokondedwa wa kochi.

Kanema wake safuna zida zodula. Foni yokhala ndi malo okwanira, yoikidwa pamalo okwera moyang'anizana ndi mzere wapakati, imagwira ntchito. Chofunika ndi kujambula motambasula kuti osewera ambiri azioneka nthawi imodzi. Wojambula akatengeka n'kumangothamangitsa mpira, nambala 6 amasowa pachithunzi nthawi imene tikumufunitsitsa, pamene mpira uli kutali ndipo iye akuyenera kutseka mpata. Ngakhale kanema wa pa wailesi ya kanema ali ndi vuto lomweli, poti amajambulira oonera, osati makochi.

Tsono tinene kuti kanema waonetsa kuti mnyamata wathu anapatsira mpira ka 40, ndipo ka 36 unafika bwino. Ndiye kuti 90 pa 100 iliyonse. Mnzake amene amalimbirana naye malo, m'masewero ena, anapatsira ka 30, n'kufikitsa ka 21, kutanthauza 70 pa 100. Pepala lokha likuti woyambayo wapambana. Koma bwezani kanema muone kumene mipirayo inkalowera. Mwina mwa 36 ija, 30 inali yobwerera kwa otchinga kumbuyo popanda mdani womuthina, pamene winayo anaponya 12 yopita kutsogolo yodutsa pakati pa adani. Ine ndingasankhe wachiwiriyo, pokhapokha ngati kochi anachita kuuza woyambayo kuti asunge mpira poteteza chigoli. Ichinso chiyenera kulembedwa, chifukwa wosewera amaweruzidwa pa ntchito imene anatumidwa.

Kuwerenga kopanda kufunsa kunasokeretsapo akatswiri. Charles Reep wa ku England, amene anayamba kulemba zochitika m'masewero ndi pensulo mu 1950, anapeza kuti zigoli zambiri zimabwera pambuyo pa mapasi atatu kapena ochepera apo, choncho analimbikitsa mpira wongomenya kutsogolo. Omutsutsa anadzaonetsa kuti mu mpira maulendo a mapasi ochepa ndiwo amachuluka kale, ndiye n'zosadabwitsa kuti zigoli zambiri zichokere kumeneko.

Chigoli chikalowa, musayambire kuonera pamene goloboyi akugwa. Bwererani masekondi 10 kapena 15. Kawirikawiri mupeza kuti amene akutukwanidwa ndi ochemerera anangotsala yekha ndi adani awiri, wolakwa weniweni ndi amene sanacheuke pakati paja.

Kuti mudziwe ngati muyeso wanu uli wolimba, anthu awiri aonere kanema yemweyo payekhapayekha, kenako afananitse mapepala. Wina akapeza kuti mnyamata analanda mpira kasanu ndi kawiri, wina katatu, vuto si mnyamatayo koma tanthauzo la kulanda, ndipo alikonze asanamuitane. Akamuitana, asamuonetse mphindi 90 zonse. Tizidutswa tisanu kapena tisanu ndi kamodzi, tolembedwa mphindi yake, tikwanira, ndipo kochi aimike kanema mpira usanafike kuphazi n'kumufunsa kuti, "Apa unkaona ndani kumanzere kwako?"