Chimene Chimazunguzira Anamondwe Mbali Zosiyana Kumpoto ndi Kum'mwera

Namondwe Freddy, amene anasakaza chigawo cha kum'mwera kwa Malawi mu Malichi 2023, ankazungulira motsatira mivi ya wotchi. Namondwe Katrina, amene anamiza mzinda wa New Orleans ku America mu Ogasiti 2005, ankazungulira motsutsana ndi mivi ya wotchi. Zithunzi za setilaiti zimaonetsa kusiyanaku bwinobwino, ndipo sikunangochitika mwangozi: namondwe aliyense wobadwira kum'mwera kwa ikweta amazungulira ngati Freddy, pamene wobadwira kumpoto amazungulira ngati Katrina. Gwero lake ndi kuzungulira kwa dziko lapansi lenilenilo.

Dziko limazungulira kuchoka kumadzulo kulowera kum'mawa, kamodzi pa maola 24 alionse, koma malo onse sathamanga mofanana. Pa ikweta, pomwe ndi pamimba pa dziko, kuzungulira kamodzi ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 40,000, choncho nthaka ya pamenepo imathamangira kum'mawa pa liwiro la makilomita 1,670 pa ola. Pa madigiri 30 kumpoto kapena kum'mwera liwiroli limatsikira pa makilomita 1,450, pa madigiri 60 limakhala theka chabe la liwiro la pa ikweta, ndipo pansonga ziwiri za dziko nthaka imangotembenukira pamalo amodzi. Anthu salimva liwiroli chifukwa nyumba, mapiri ndi mpweya womwe zimayendera limodzi.

Zinthu zimasintha mpweya ukanyamuka pamalo ena kupita pena, chifukwa umatenga liwiro la komwe wachokera. Zili ngati munthu amene ali m'basi yothamanga akaponyera lalanje mnzake wa m'lole imene basiyo ikuipitirira: ngakhale alunjike bwanji, lalanjelo limakagwera kutsogolo kwa mnzakeyo, chifukwa lachoka m'dzanja lili ndi liwiro la basi. Mpweya wochoka ku ikweta kulowera kum'mwera umapeza nthaka yoyenda pang'onopang'ono, nuipitirira cha kum'mawa. Kwa woyang'ana kum'mwera, kum'mawa ndi kudzanja lamanzere, motero mpweyawo wakhotera kumanzere. Wochoka kum'mwera kulowera ku ikweta umapeza nthaka yothamanga kuposa iwo, nutsalira m'mbuyo cha kumadzulo, komwenso ndi kumanzere kwa woyang'ana kumpoto. Ngakhale mphepo yolowera kum'mawa kapena kumadzulo imakhota chimodzimodzi, chifukwa nthaka ya pansi pake imakhalanso ikutembenuka. Kumpoto kwa ikweta zonsezi zimatembenuzika, ndipo mphepo imakhotera kumanja.

Kukhotaku n'kumene akatswiri amakutcha mphamvu ya Coriolis, potengera dzina la Gaspard-Gustave de Coriolis, katswiri wa ku France amene analongosola masamu ake mu 1835. Chidwi chake chinali pa makina ozungulira, osati pa zanyengo. Ena ndi amene pambuyo pake anagwiritsa ntchito masamuwo pofotokoza mphepo. Kunena zoona, palibe chimene chimakankha mpweyawo chammbali. Umaoneka wokhota chifukwa woupenyayo waima pa nthaka imene ikuzungulira.

Mphamvuyi ndi yofooka kwambiri, ndipo imadalira nthawi kuti ioneke. Pa madigiri 20 kum'mwera, cha ku Beira, mphepo yoyenda makilomita 36 pa ola imapatuka ndi mtunda wosakwana mita imodzi pa mphindi yoyamba, itayenda mamita 600. Ola likamatha imakhala itayenda makilomita 36 n'kupatuka ndi makilomita atatu. Popanda china choisokoneza, pakatha maola asanu ndi anayi mphepo imene inanyamuka yolunjika kum'mwera imakhala ikulunjika kum'mawa. N'chifukwa chake nkhani yoti madzi a m'sinki kapena m'bafa amazungulira mosiyana kumpoto ndi kum'mwera ndi yabodza. Madziwo amayenda masentimita ochepa kwa masekondi owerengeka, ndipo chimene chimasankha mbali ndi kaumbidwe ka sinkiyo komanso mmene madziwo anathiridwira.

Namondwe ali ndi zonse ziwiri, nthawi ndi mtunda. Amabadwira panyanja yamchere pomwe madzi atentha kufika pafupifupi madigiri 26.5 kapena kuposa. Mpweya wofunda ndi wachinyezi umakwera m'mwamba, ndipo pamwamba pa madzi pamakhala dera la mpweya wopepuka. Mpweya wa m'mbali zonse umathamangira pamenepo kuchokera makilomita mazanamazana, ulendo wa maola ambiri kapena masiku. Kum'mwera kwa ikweta, wochokera kumpoto umakhotera kumanzere n'kuphonya pakati, kudzera cha kum'mawa. Wochokera kum'mawa umadzera cha kum'mwera, wochokera kum'mwera umadzera cha kumadzulo, wochokera kumadzulo umadzera cha kumpoto. Pakati paja pamaukokabe, choncho suthawa koma umazinga, ndipo njira yochoka kumpoto kudzera kum'mawa, kum'mwera mpaka kumadzulo ndi njira ya mivi ya wotchi. Kumpoto kwa ikweta mpweya uliwonse umaphonyera kumanja, ndipo kuzingako kumakhala kotsutsana ndi mivi.

Apa ambiri amasokonezeka, chifukwa chinthu chongokhotera kumanzere pachokha chikanazungulira motsutsana ndi wotchi. Mu namondwe, Coriolis amangophonyetsa mpweya. Chimene chimapinda njira yake kuti izinge ndi chikoka cha pakati. Ukali wa mphepo suchokeranso kwa Coriolis. Umachokera ku kutentha kumene nthunzi imatulutsa posanduka mitambo, komanso ku kufupika kwa mzere wozungulira pamene mpweya ukuyandikira diso la namondwe.

Kudziwa mbali imene namondwe akuzungulira kumathandiza kudziwa gombe limene lizunzike kwambiri. Gombe la pakati pa Mozambique layang'ana cha kum'mawa, ndipo namondwe wotsatira mivi ya wotchi akamatera, mphepo ya kum'mwera kwa diso lake imachokera kunyanja n'kuunjika madzi kumtunda, pamene ya kumpoto kwa diso imachokera kumtunda n'kuwakankhira kunyanja. Kwa Katrina gombe linayang'ana kum'mwera, ndipo madzi anakwera kwambiri kum'mawa kwa diso, ku Mississippi, komwe anafika mamita pafupifupi asanu ndi atatu. Amalinyero ali ndi lamulo lakale lotchedwa ndi dzina la Buys Ballot, katswiri wa ku Netherlands amene analifalitsa mu 1857: munthu akafulatira mphepo kum'mwera kwa ikweta, pakati pa namondwe pamakhala kudzanja lake lamanja, ndipo kumpoto pamakhala kumanzere.

Mphamvu ya Coriolis imakula polowera kunsonga za dziko ndipo imatheratu pa ikweta penipeni. M'kati mwa madigiri asanu kuchokera pa ikweta, mtunda wa makilomita pafupifupi 550, mpweya umangolunjika pakati n'kudzaza dera lopepuka lija lisanayambe kuzungulira, moti anamondwe sabadwirako kawirikawiri ngakhale madzi ake ndi otentha. Namondwe Vamei, amene anabadwira pafupi ndi Singapore mu Disembala 2001 pa digiri imodzi ndi theka kumpoto, anadabwitsa akatswiri chifukwa cha zomwezi. Kuzungulira kwake kunayambitsidwa ndi mphepo yamphamvu yochokera kumpoto imene inakumana ndi kamvuluvulu amene analipo kale.

Kusiyana kwa mphamvuyi pakati pa mbali imodzi ya namondwe ndi inzake kumamuchititsanso kusendera pang'onopang'ono kutali ndi ikweta, kwinaku mphepo zikuluzikulu za m'deralo zikumukankhira kumadzulo. Freddy anabadwira kumpoto chakumadzulo kwa Australia mu Febuluwale 2023, anadutsa nyanja yonse ya Indian, anamenya Madagascar, anatera ku Mozambique kawiri, ndipo bungwe la zanyengo la padziko lonse linatsimikiza kuti anakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa. Ulendo wonsewo anauyenda ali kum'mwera kwa ikweta, ndipo m'kaundula wa zanyengo mulibe namondwe wokhwima amene anawoloka mzerewu kupita kutsidya linalo.