Dzina lanu likuonekadi, koma tikiti ilipo?

Akathyali ogulitsa matikiti a ndege samangopeka mapepala abodza. Ena amakusungitsiranidi mpando m'ndege, ndipo pamenepo ndi pomwe pagona msampha.

Tiyerekeze mayi amene akufuna kuchoka ku Lilongwe kupita ku London kudzera ku Addis Ababa. Pa Facebook wapeza ejenti yemwe mtengo wake ndi theka la wa anzake. Akambirana pa WhatsApp, mayi atumiza chithunzi cha pasipoti, ndipo posakhalitsa alandira kachizindikiro ka zilembo ndi manambala 6, komwe amati PNR. Akalemba pa ethiopianairlines.com pamodzi ndi dzina la bambo ake, n'kuona zonse zili m'malo: dzina, tsiku, nambala ya ndege. Mtima ukhala pansi. Ejenti uja ayamba kukakamiza kuti mpando utengedwa madzulo ano, mayi n'kutumiza ndalama pa Airtel Money ku nambala ya munthu.

Chomwe mayiyu sakudziwa n'chakuti PNR imangosonyeza kuti malo asungidwa. Munthu angathe kusungitsa malo osalipira kalikonse, ndipo akapanda kulipira, kampani imawafufuta pakangopita maola kapena masiku ochepa. Mayi akadzafika pa bwalo la ndege la Kamuzu ndi zikwama zake, dzina lidzakhala litazimiririka, foni ya ejenti yosapezeka.

Umboni weniweni ndi nambala ya tikiti, yomwe imakhala ya manambala 13. Atatu oyambirira amatchula kampani: 071 ndi Ethiopian Airlines, 706 ndi Kenya Airways, 083 ndi South African Airways. Vuto n'lakuti nambalayi imatuluka tikiti ikalipiridwa, choncho chitetezo chagona pa momwe mukulipirira. Pitani ku ofesi ya ejentiyo, muone laisensi yake, mulipire ku akaunti yakubanki ya dzina la kampani, ndipo musanyamuke pampando tikiti isanatuluke. Kutulutsa tikiti ndi ntchito ya mphindi zochepa. Wonena kuti "mawa" mumukayikire. Kenako imbirani kampani ya ndegeyo pa nambala yomwe mwaipeza nokha, muwawerengere manambala 13 aja. M'mawa mwake funsaninso, chifukwa ejenti amatha kufafaniza tikiti tsiku lomwelo waitulutsa. Ngati ali kutali moti simungamuone, ine ndingati gulani kukampani ya ndegeyo mwachindunji, ngakhale mtengo ukwereko. Ndalama ya ulendo anthu amaisonkha kwa miyezi, ena kuchita kugulitsa ziweto.

Pa intaneti napo, akuba amakopera maonekedwe onse a tsamba la kampani, n'kungosintha chilembo chimodzi mu adiresi kapena kuwonjezera mawu monga deals. Kaloko kaja kooneka pambali pa adiresi sikatsimikizira kuti eni tsambalo ndi okhulupirika, poti tsamba labodza limakhala nakonso. Adiresi muziilemba nokha m'malo modina linki yobwera pa WhatsApp, ndipo tsamba likakana khadi n'kukuuzani kuti mutumize ndalama kwa munthu, litsekeni pomwepo.