Kuuza Wofunira Anthu Ntchito Kuti Aleke Kukutumizirani Mauthenga

Tiyerekeze kuti munaphunzira zowerengera ndalama, ndipo zaka ziwiri zapitazo munasiya mbiri ya maphunziro ndi ntchito zanu kwa munthu wofunira anthu ntchito. Lero imelo yanu yadzaza ndi ntchito za uwotcherera ndi udalaivala. Kawirikawiri sikuti akukunyozani: dzina lanu linangolowa pamndandanda umene kompyuta imatumizira aliyense.

Yambani mwayang'ana kumunsi kwa uthengawo. Mukaona mawu akuti "Unsubscribe", dinani pomwepo, koma pokhapokha ngati wotumizayo mukumudziwa, chifukwa akuba nawonso amatchera misampha pamenepo.

Zikakanika, mulembereni mwachidule: "Zikomo pondikumbukira. Ntchito mukunditumizirazi sizikugwirizana ndi zomwe ndinaphunzira. Chonde chotsani dzina langa pamndandanda wanu, ndipo mundidziwitse mukatero." Musapepese kwambiri, musakalipenso, poti munthu yemweyo mwina mawa adzakhala ndi ntchito yokuyenerani. Ngati za ndalama zokhazo mukuzifunabe, nenani, chifukwa kuchotsedwa kumatseka zonse.

Sungani uthenga wanuwo ndi tsiku lake. Pakatha masabata awiri akutumizabe, lemberani mkulu wa kampaniyo, muwaonetse pempho loyambalo.