Kodi wosalakwa angalangidwe kuti ambiri apulumuke?

M'tauni ina kummwera kwa dziko la America, mayi wachizungu wagwiriridwa ndipo mphekesera zikuti wachita zimenezi ndi munthu wakuda. Khamu la azungu lalusa, likukonza zokachita chipolowe kudera la anthu akuda, ndipo n'zachidziwikire kuti anthu angapo afa. Mkulu wa apolisi sakudziwa amene wapalamula. Koma pali mwamuna wina wakuda amene anaoneka pafupi ndi malowo, yemwe anthu akumukayikira kale. Mkuluyo akudziwa kuti mwamunayo alibe mlandu. Akudziwanso kuti atangomusemera chinyau, bwalo lingamupeze wolakwa ndipo khamulo lingabalalike.

Nkhaniyi ndi yopeka. Anailemba mu 1957 katswiri wa filosofi wa ku Australia, H.J. McCloskey, pofuna kuyesa chiphunzitso chotchedwa yutilitariyanizimu, chomwe Jeremy Bentham ndi John Stuart Mill a ku Mangalande anachitchukitsa. Chiphunzitsochi chimati choyenera kuchita ndi chimene chimachulukitsa chimwemwe ndi kuchepetsa masautso, powerengera munthu aliyense mofanana. Pamene otsatira ake amagawanikana ndi pa funso lakuti: chimene chiyenera kuikidwa pa sikelo n'chiyani, mchitidwe umodziumodzi kapena lamulo?

Gulu loyamba limayeza mchitidwe uliwonse pawokha. Kwa iwo, mkulu wa apolisi aonkhetse zotsatira za njira ziwiri zimene ali nazo lero. Ngati kupereka mwamunayo kuphetsa mmodzi, pamene kukana kuphetsa khumi, masamu akuloza kumodzi. Ambiri a m'gululi amafulumira kunena kuti masamuwo ngosakwanira: chinsinsi chikhoza kuululika, anthu n'kusiya kukhulupirira apolisi, ndipo wogwirira weniweni akhala akuyendabe mumsewu. Mfundozi n'zomveka, koma zangotsamira pa mwayi. Nanga zitadziwika kuti chinsinsicho sichidzaululika? J.J.C. Smart, mmodzi mwa akuluakulu a gululi, sanazembe. Mu 1973 anavomera kuti pa nkhani yotere chiphunzitso chake chikhoza kulamula zopanda chilungamo, ngakhale ananena poyera kuti yankholo silimamusangalatsa ndipo amayembekeza kuti zoterezi sizingachitikechitike.

Gulu lachiwiri limayeza lamulo. Silifunsa za phindu la kunamizira mwamuna uyu usiku uno, koma za dziko limene lingakhale ndi lamulo lolola akuluakulu a boma kulanga wosalakwa akaona kuti pali phindu. John Rawls wa ku America anaunika mfundoyi mu 1955, ngakhale iye mwini pambuyo pake anadzatsutsa yutilitariyanizimu. Anati munthu ayese kulemba lamulo loterolo mwatsatanetsatane. Mphamvuyo ipatsidwa kwa yani? Adzamuyang'anira ndani, poti ntchito yake iyenera kuchitika mobisa? Nzika ikamva kuti wina wamangidwa, sidzadziwa ngati ndi chigawenga kapena nsembe chabe. Choipa kwambiri n'chakuti kumvera malamulo sikudzatetezanso munthu kundende, ndiye chilango chidzataya ntchito yake yoopseza ofuna kulakwa. Lamulo loletsa kulanga wosalakwa ndilo lopindulitsa, choncho mkulu wa apolisi alitsate, zivute zitani.

Yankholi limakhazika mtima pansi, koma lili ndi pobowoka pake. Smart anali atalitcha kale, mu 1956, kupembedza malamulo. Ngati lamulo linaikidwa chifukwa choti limabweretsa zabwino, n'kulitsatiranji pa tsiku limene zikuonekeratu kuti liphetsa anthu khumi? Wina angayese kulikonza kuti lizinena kuti wosalakwa asalangidwe pokhapokha ngati kutero kupulumutsa miyoyo yambiri. Akatero wabwerera kumasamu a gulu loyamba. David Lyons anaonetsa mu 1965 kuti mitundu ina ya chiphunzitso choyeza malamulo, ikalola zopatula zambiri chonchi, imathera pa mayankho omwewo a gulu loyeza mchitidwe.

Oyeza malamulo amayankha kuti munthu amene khamu likumukuwiza pakhomo sangadaliridwe kuwerengera bwino zotsatira, makamaka m'tauni ya tsankho, momwe wosankhidwa kukhala nsembe amachokera mbali imodzi nthawi zonse. Apa ali ndi mfundo yolimba. Komabe McCloskey nkhani yake sanailembere gulu loyamba lokha. Dandaulo lake linali lakuti magulu onse awiri, ngakhale atamumasula mwamunayo, chifukwa chimene amapereka ndi phindu la anthu ena. Mfundo yakuti iye sanagwirire munthu imangolowa m'masamuwo ngati nambala imodzi pakati pa zinzake.