Kalata Yopemphera Thandizo Isamazungulire

Bungwe lina lakumudzi linalemba kalata yachidule yopempha ndalama zokonzera mijigo. Gawo lofotokoza mbiri ya dera linadzaza tsamba lonse, koma mfundo yoti madzi ndi osowa inabwera katatu: poyamba ngati "kusowa kwa madzi," kenako "mavuto a madzi aukhondo," pomaliza "amayi kuyenda mtunda wautali." Wowerenga amene ali ndi mulu wa makalata patebulo amatopa asanafike pa pempho lenileni.

Mankhwala ake ndi pensulo. Pambali pa ndime iliyonse lembani mawu awiri kapena atatu onena zimene ndimeyo ikukamba. Ndime ziwiri zikalandira mawu ofanana, sungani imene ili ndi umboni, inayo ichoke. Ziganizo zonena za umphawi wa dziko lonse zichokenso, chifukwa opereka thandizo amazidziwa kale.

Mukatero, nolani chiganizo chofotokoza vuto. Chiyankhe mafunso anayi: akuvutika ndani, ali kuti, vutolo ndi lalikulu bwanji, ndipo gwero lake n'chiyani? "Anthu alibe madzi abwino" n'chiganizo chobuntha. Chakuthwa chimati: "Mijigo 4 mwa 6 ya m'midzi itatu yakhala yowonongeka kwa chaka chathunthu chifukwa makomiti alibe thumba logulira zipangizo, choncho mabanja akumwa madzi a m'dambo."

Chenjerani ndi msampha umodzi: "tilibe galimoto" si vuto la anthu, ndi chosowa cha bungwe. Mukamaliza, muwerengereni mnzanu mokweza. Akalephera kubwereza vutolo m'mawu ake, bwererani ku pensulo.